Akakufunsani zofooka zanu ndi zaka zomwe munakhala pakhomo: mayankhidwe ake pa intavyu

Nkhani iyi anthu andifunsa mpaka ndatopa nayo, wina pa foni usiku woti mawa lake ali ndi intavyu, wina kundiimitsa pa depoti, ndiye ndati bola ndilembe kamodzi wina akafunsanso ndizingomutumizira. Ndakhalapo pa mapanelo olemba anthu ntchito kuno ku Mzuzu, ndipo mafunso awiri amene amagwetsa anthu amapepala abwinobwino ndi omwewa: tiuzeni zofooka zanu, komanso apa pa sivi panu pakuoneka kuti munakhala zaka ziwiri osagwira ntchito, munali kuti?

Mudziwiretu kuti a panelo sikuti akufuna mulape machimo. Gapu ija aiona kale pa sivi ndipo akuitanani ikuoneka chomwecho, kutanthauza kuti payokha sinakugwetseni. Chomwe akufuna kuona n'choti munthuyu akafika pa nkhani yosakoma amatani, amanama, amanamizira ena, kapena amanena mmene zinalili n'kupitiriza. Chifukwa tsiku lina sitoko ikadzasowa kapena lipoti likadzachedwa mudzachitanso chimodzimodzi. Mayankho ndawalemba m'Chichewa dala, ngakhale ma intavyu ambiri amakhala a Chingerezi, chifukwa chake ndinena kumapetoko.

1. Yambani ndi pepala, osati pakamwa

Tengani pepala mulembe chaka ndi mwezi kuyambira pomwe munamaliza sukulu mpaka lero, pasatsale dzenje. Kenako fananizani ndi zomwe zili pa sivi, pa satifiketi, pa kalata yokulembani ntchito ndi ya kontilakiti. Anthu ambiri sagwa chifukwa cha gapu koma chifukwa madeti akukangana okhaokha, sivi ikuti munasiya mu 2023, kalata ikuti Ogasiti 2022, inuyo pakamwa mukuti "chakumapeto kwa chaka chijachi". Munthu wa panelo akangogwira kamodzi kotero amasiya kumvetsera, amayamba kufufuza.

Cholakwika chofala kwambiri ndi kukoka madeti a ntchito yakale kuti aphimbe dzenje. Musayerekeze. Foni imodzi yokha kwa abwana anu akale yakwana, ndipo ngati munkadulidwa penshoni, sitetimenti yake imaonetsa mwezi womwe ndalama zinasiya kulowa. China ndi kulemba kuti munali manijala pa kampani ya amalume anu yomwe ilibe ndi chikwangwani chomwe. Akakufunsani kuti munkayang'anira anthu angati, malipiro munkawerengera bwanji, mumayamba kuyang'ana kudenga.

Miyezi itatu inayi pakati pa ntchito ziwiri palibe amene amadandaula nayo. Olo chaka chomwe munakhala mutamaliza ku Mzuni kapena ku Mzuzu Technical mukuponya makalata, aliyense pa panelopo ali ndi m'bale wake amene akukhala choncho pakhomo pake. Zomwe zimafuna kukonzekera ndi chaka kupita m'tsogolo, makamaka ngati munali kale pa ntchito n'kuchoka.

2. Gapuyo ipatseni dzina, chiganizo chimodzi basi

Yankho lililonse labwino limayenda motere: chinachitika n'chiyani, nthawi imeneyo munkachita chiyani, pano zili pati. Chigawo choyambacho chikhale chachifupi kuposa zonse, koma anthu amachita mosemphanitsa, amatha mphindi zitatu akufotokoza mmene matenda a mayi anayambira, chipatala choyamba, chachiwiri, achibale amene sanathandize, pofika pa ntchito mpweya watha maso ali ndi misozi.

Ngati munkadwazika nenani kuti, "Bambo anga anadwala nthawi yaitali ndipo amene ndikanatha kuwasamalira ndinali ine, ndinakhala nawo kumudzi ku Rumphi kuyambira Malichi 2021 mpaka Juni 2022. Pano ali ndi mlongo wanga, ine ndabwerera m'tauni ndipo ndili wokonzeka kugwira tsiku lonse." Mawu omalizawo ndi amene akudikirira, chifukwa nkhawa yawo ndi yoti kodi mwezi wamawa simudzapemphanso tchuthi cha masabata atatu.

Ngati pulojekiti inatha nenani choncho, kontilakiti inali ya zaka ziwiri, opereka thandizo sanawonjezere. Chiyambire pomwe boma la Amereka linaimitsa thandizo lambiri la USAID kumayambiriro kwa 2025 a panelo azimva kambiri zimenezi, palibe chamanyazi. Ngati munadwala nokha, dzina la matenda si lawo, "ndinadwala, ndinalandira chithandizo, pano ndili bwino" zakwana. Ngati munkalera mwana nenani mosapepesa. Lamulo lathu la za ntchito, Employment Act la 2000, limaletsa kusala munthu chifukwa choti ndi wamkazi, ali pabanja kapena ali ndi udindo wosamalira banja. Sindikunena kuti mukawawerengere lamulo m'chipindamo ayi, ndikungofuna mudziwe kuti simukupempha chikhululukiro.

Ndiye pali a ku Joni. Kwa amene si akuno, tikati Joni tikunena South Africa yense, olo munthu anali ku Cape Town. Anyamata ambiri amabisa zaka zimenezi chifukwa ankagwira m'galadeni, mu lesitilanti kapena pa zomangamanga, akuona ngati zinyozetsa dipuloma yawo. Koma munthu amene wagwira zaka zitatu m'khitchini ya lesitilanti amadziwa kusunga nthawi kuposa ambiri amene akhala mu ofesi. Nenani kuti munapita kukasaka, munagwira ntchito zakutizakuti, munabwerera chaka chakuti ndipo mwakhazikika. Za mapepala ngati sanafunse musayambitse, akafunsa musaname.

Geni nayonso ndi ntchito, kaya kaunjika, kaya kabaza wa njinga yamoto, kaya kuoda mpunga ku Karonga. Koma mawu oti "ndimangopanga tima geni" ndi amene amakuphani, mwadzinyoza nokha. Nenani katundu wake, kumene munkaoda, mpamba unali wokwana bwanji, mabuku munkasunga bwanji.

3. Ngati munachita kuchotsedwa

Apa ndi pomwe malangizo ambiri amalumpha, ndipo ndi pomwe pali nkhani yeniyeni. Kudwazika ndi kutha kwa kontilakiti n'zosavuta kunena. Koma nanga ngati anakuitanani ku hiyaring'i, kuja amakukhazikani pansi kuti muyankhepo pa mlandu wa kuntchito, n'kukupatsani kalata?

Choyamba siyanitsani zinthu zitatu zomwe anthu amaziphatikiza. Kutha kwa kontilakiti ndi kwina, kuchepetsa antchito chifukwa kampani ilibe ndalama ndi kwina, kuchotsedwa chifukwa cha mlandu ndi kwinanso. Ngati zanu ndi zachitatuzo musazitchule dzina la ziwiri zoyambazo. Mzuzu ndi tauni yaing'ono abale, amene akukufunsaniyo mwina amapemphera limodzi ndi abwana anu akale ku Katawa, kapena ana awo ali sukulu imodzi, ndipo foni yeniyeni siipita kwa anthu atatu amene mwawalemba pansi pa sivi aja, imapita kwa mnzawo amene akumudziwa kumeneko.

Ndipereke chitsanzo kuti zimveke. Tinene kuti ndinu mtsikana wa ku Chibavi, muli ndi dipuloma ya za bizinesi, munagwira ngati kashiya pa shopu ina ya holoselo kuyambira Febuluwale 2019 mpaka Ogasiti 2022. Tsiku lina mukupita kukadya nkhomaliro mnzanu wamkulu kwa inu anati ndisiyire tilu mzere watalika, inu chifukwa cha ulemu munamusiyira osatuluka pa nambala yanu. Madzulo powerengera panapezeka shoteji, kutanthauza kuti ndalama za m'dilowa zinachepera pa zomwe makina akuonetsa, K180,000. Nambala inali yanu, lamulo la pa shopupo linali lomveka, munachotsedwa. Kuchokera apo munayamba kuoda zitenje ndi nsapato ku Kyela ku Tanzania kudzera pa Songwe n'kumagulitsa ku msika wa Taifa, zinkayenda ndithu mpaka kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mpamba womwe unkadzaza zikwama ziwiri unayamba kudzaza chimodzi, pofika pakati pa 2024 munaima. Pano mwaitanidwa pa ntchito ya kalaliki wa sitoko.

Musanapite chitani ziwiri izi. Pitani kuntchito kwakaleko mukapemphe satifiketi yosonyeza kuti munagwirako. Employment Act yomwe ija imati wolemba ntchito azipereka wantchito akapempha, ndipo imalemba nthawi yomwe munagwira, udindo wanu ndi malipiro, koma chifukwa chochokera kapena ndemanga ya kagwiridwe kanu amaikamo pokhapokha inuyo mutapempha. Ambiri sadziwa zimenezi, amaopa kupondako. Pepala limeneli limatsimikiza zaka zitatu ndi theka zija, zomwe ndi chuma chanu. Chachiwiri, ndipo ichi ndi chowawa, pezani munthu mmodzi wa kumeneko amene ankakuyang'anirani, mumuimbire, mumufunse mosabisa kuti, "Bwana, akakuimbirani kufunsa za ine munena chiyani?" Mwina akuuzani kuti anena zoona, kuti munali wakhama koma munaphwanya lamulo la tilu. Zili bwino, tsopano mukudziwa nkhani yomwe ili kunjako ndipo yanu ifanane nayo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, musadikire kuti iwo ndiye akufuneni.

Tsopano m'chipinda muja akufunsani kuti munachokeranji. Yankho loipa loyamba ndi loti "panali kusamvana pang'ono ndi mabwana", limeneli aliyense wa panelo amadziwa kuti pansi pake pali chinthu ndipo amakumba. Loipa lachiwiri ndi loti "anandipangira chiwembu, pamalo paja pali tsankho, mayi uja amadana nane chiyambire". Olo zitakhala zoona, panelo ilibe njira yodziwira, chomwe ikuona ndi munthu amene mawa adzanenanso iwowo kwina. Yankho loyenda ndi ili:

"Ndinachotsedwa mu Ogasiti 2022. Ndinalola mnzanga kugwiritsa ntchito tilu pa nambala yanga, panapezeka shoteji ya K180,000, ndipo poti lamulo linali loti nambala yako ndi udindo wako, mlandu unali wanga. Zaka zitatu ndi theka zam'mbuyozo ndinalibe chenjezo lililonse, satifiketi yawo ndabwera nayo. Nditachoka ndinachita bizinesi ya zitenje pafupifupi zaka ziwiri, ndinkalemba katundu yense wolowa ndi wotuluka tsiku lililonse, ndipo m'menemo ndi mmene ndinaona kuti ntchito ya sitoko ndimaitha."

Taonani mmene layendera. Mawu oti ndinachotsedwa abwera koyambirira, mwawatchula nokha asanakutchulireni, ndiye palibenso chokumba. Dzina la mnzanu uja simunalitchule, simunanene kuti anaba, chifukwa simunamuone akuba. Simunanenenso kuti ndinu wosalakwa. Ndipo chiganizo chomaliza chakubweretsani pa ntchito yomwe mwabwerera, mpira uli kwa iwo. Za zaka zopanda chenjezozo nenani pokhapokha ngati n'zoona, ngati munali ndi makalata awiri a chenjezo chigawo chimenecho chichotseni.

Ena andifunsa kuti nanga ngati ndalamazo ndinatengadi? Apo sindikunamizani, ndi povuta, ndipo ntchito yogwira ndalama mwina simuipeza msanga. Komabe bodza silikuthandizani. Nenani kuti munatenga ndalama za kampani, munachotsedwa, munabweza ngati munabweza, ndipo bweretsani munthu amene wakusungitsani zinthu zake chichokereni kumeneko, kaya gulu la banki m'khonde, kaya komiti ya kutchalitchi, amene angakuchitireni umboni. Panelo ina ikukanani, ina ikupatsani mpata pa udindo wosakhudza ndalama. Koma mukabisa n'kulembedwa, zikadzadziwika mudzachotsedwanso kachiwiri, ulendo uno chifukwa cha bodza.

Ngati nkhani yanu ili ku ofesi ya zantchito kapena ku khoti la za ntchito, nenani kuti munachotsedwa, simunagwirizane ndi chigamulocho, nkhani ili kumeneko ndipo simukufuna kuizenga pano. Basi. Musatulutse fayilo.

4. Chofooka: sankhani chenicheni, chimodzi

"Chofooka changa n'choti ndimalimbikira ntchito kwambiri." "Ndimafuna chilichonse chikhale bwino kwambiri." Abale, pa tsiku limodzi panelo imamva zimenezi kwa anthu angapo otsatizana, mawu ake ofanana ngati anakopera pa bolodi imodzi, ndipo ena a ife timangolemba mzere pa pepala. Choipanso kuposa apo ndi "ine ndilibe chofooka", kapena kuseka n'kunena kuti ndimakonda nsima.

Chofooka chabwino kuchinena chimakhala choti n'chenicheni, ndi cha kuntchito osati cha kunyumba, ndipo muli ndi chinthu chooneka chomwe mukuchita nacho. Kuti muchipeze musaganize muli nokha, kumbukirani chomwe abwana kapena aphunzitsi anakudzudzulanipo kangapo. Kuchedwa kupereka lipoti chifukwa chosafuna kufunsa. Kuchita mantha kuyankhula pagulu. Kusenza ntchito yonse nokha osagawira ena. Ndipo chisakhale mtima wa ntchito yomwe mukufunayo, wofuna udalaivala asanene kuti amasinza masana, wofuna unamwino asanene kuti sachedwa kupsa mtima. Ngati chofooka chanu chenicheni ndi mtima wa ntchitoyo, vuto si yankho, vuto ndi ntchito yomwe mwafunsira.

Koma kwa mtsikana wa ku Chibavi uja pali kusiyana pang'ono, ndipo apa mumvetsetse. Iye nkhani ya tilu yaulula kale chofooka chake, amavutika kukaniza munthu wamkulu kwa iye. A panelo achiona kale. Akayamba kunena china chatsopano, kuti mwina amaiwalaiwala, ndiye kuti wawapatsa mabala awiri m'malo mwa limodzi, komanso aoneka ngati sanaphunzirepo kanthu. Bola agwire chomwecho:

"Chofooka changa ndi chomwe chinandichotsetsa ntchito, ndinkachita manyazi kukana munthu wamkulu akandipempha chinthu chosemphana ndi lamulo. Ku msika ndinakumana nachonso, achibale ndi anzanga ankafuna zitenje pa ngongole ndipo miyezi yoyamba ndinaluza. Ndinaika lamulo loti katundu satuluka osalembedwa m'buku ndipo ngongole siidutsa sabata, ndinakaniza ngakhale azakhali anga. Manyaziwo sanatheretu, koma pano ndimati lamulo ndi limene likukana, osati ine."

Mawu oti sanatheretu ndi ofunika. Munthu akati chofooka chake chinatha ndiye kuti sanayankhe funso, wanena mbiri yakale. Ndipo ngati buku lija lilipodi, kabuku kachikuto cholimba kothimbirira ndi fumbi la ku Taifa, kalowetseni mu envelopu limodzi ndi masatifiketi. Mwina sakapempha, koma akafunsa kuti tingadziwe bwanji, mukalitulutsa n'kutsegula tsamba la Disembala pomwe pali madeti, mitengo ndi mayina a angongole okhwatchidwa, laposa mawu onse omwe mukanayankhula.

5. Konzekerani funso lachiwiri, ndi chete uja

Anthu amaloweza yankho loyamba n'kuiwala kuti panelo yodziwa ntchito imabwereza. "Tipatseni china." Khalani nacho chachiwiri chaching'ono, cha luso osati cha khalidwe, monga kuti Excel mumaidziwa polowetsa manambala ndi kuwonkhetsa koma zovuta monga `VLOOKUP` mukuphunzira kumene. Koma mukatero akhoza kufunsa kuti mukuphunzira kuti, ndiye zikhale zoona, osanena kosi yomwe simunayambe.

Ena amafunsa mokhadzula dala. "Ndiye tikukhulupirireni bwanji ndi makiyi a sitoko?" Apa musakwiye ndipo musayambe kuchonderera kuti ndili ndi ana, ndithandizeni. Chisoni sichilembetsa ntchito, chimangopangitsa a panelo kuyang'ana pansi. Yankhani ndi kachitidwe, kuti makiyi ndi nambala yanga sindipatsa munthu, wina akalowa m'malo mwanga tiziyamba tawerengera limodzi n'kusainirana, ndipo miyezi yoyeserera ija mundione. Winanso adzafunsa kuti bizinesi ikadzadzukanso simudzatithawa? Nenani zoona zake, kuti inaima chifukwa mpamba unadyeka ndi kugwa kwa kwacha ndipo mukufuna ntchito yokhazikika, ngati pali kabenchi komwe mng'ono wanu akugulitsabe nenaninso, si mlandu.

Ndiye pali chete. Mwamaliza kuyankha, anthu anayi akungolemba osakuyang'anani, wina akutsegula botolo la madzi. Masekondi amenewo amatalika ngati ola, ndipo ndi pomwe anthu amadzigwetsa okha, amayamba kuwonjezera, "komanso kunena zoona nthawi ija ndinali ndi mavuto a m'banja, komanso abwana aja...", zonse zomwe anakonza bwino zija n'kuphwasuka. Nthawi zambiri a panelo akungolemba malikisi basi. Mukamaliza tsekani pakamwa, manja pa tebulo kapena pa miyendo, dikirani. Yankho la gapu lisapitirire mphindi imodzi, la chofooka chimodzimodzi.

6. Yesererani mokweza, m'chiyankhulo chanu kaye

Chifukwa chomwe ndalembera mayankho m'Chichewa ndi ichi. Nkhani yomwe imakupwetekani mukayamba kuiloweza m'Chingerezi cha pa intaneti imatuluka youma, ndipo akangokudulani pakati mumasowa poyambira. Yambani kuinena m'Chichewa kapena m'Chitumbuka kwa munthu amene mumamuchitira manyazi pang'ono, osati mnzanu wapamtima amene azingoti zili bho. Inenani mpaka mawu oti ndinachotsedwa azituluka mawu osanjenjemera, chifukwa ulendo woyamba kuwatchula mokweza usakhale pamaso pa panelo. Mukatero isandutseni Chingerezi chanu chomwe, chosavuta, ziganizo zazifupi, ndipo mulowezemo mfundo zitatu zija osati liwu ndi liwu.

Dzijambuleni mawu pa foni mumvetsere. Muzimva nokha pomwe mukuthamanga, nthawi zambiri ndi pa chiganizo chowawa chija, munthu amafuna adutsepo msanga ndiye amameza mawu, a panelo n'kunena kuti bwerezani, zomwe ndi zowawa kawiri. Pamenepo ndi pofunika kuchepetsa liwiro. Ulemu wathu woyang'ana pansi poyankhula ndi akuluakulu ndi wabwino kunyumba, koma pa chiganizo chimenechi dzutsani mutu muyang'ane amene wafunsayo, mukayang'ana pansi zimaoneka ngati pali zina zomwe mwasiya.

Pomaliza penipeni, anthu atatu okuchitirani umboni amene mwawalemba pa sivi aja aimbireni dzulo lake, muwauze ntchito yomwe mwafunsira ndi zomwe mukanene za gapu yanu, madeti ake omwe. Zimachitika kuti munthu wayankha bwino m'chipinda, koma abusa kapena aphunzitsi ake akale ataimbiridwa akuti, "Aa, ameneyo si ali ku Joni?" chonsecho munthu anabwerako chaka chatha.